Onse anaiyamikira, koma palibe anaigwiritsa ntchito: kuyesa pulogalamu pa anthu n'kutani?

Masiku ano si zachilendo kumva kuti wachinyamata wina wapanga pulogalamu ya pafoni youza alimi mitengo ya zokolola. Chimene chimazunguza mutu n'chakuti pulogalamu yotereyi imatha kukhala yoyenda bwinobwino, manambala ake olondola, maonekedwe ake okopa, koma alimi n'kuitsegula kamodzi kokha osabwererakonso. Akatswiri a ntchitoyi akamva dandaulo limeneli amafunsa kuti, kodi munaiyesa pa anthu? Wopangayo amayankha motsimikiza kuti eya, ndinaonetsa anthu ambiri ndipo onse anaikonda. Chisokonezo chagona pamenepa, chifukwa kuonetsa ndi kuyesa ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Kuti kusiyanako kuoneke bwino, titsatira nkhani yaifupi yopeka ya mtsikana wina amene wangomaliza maphunziro a zamakompyuta ku yunivesite. Manambala a mitengo amene ali m'nkhaniyi ndi ongoyerekezera, ndipo angathe kukhala a ndalama za dziko lililonse.

Poyambira nkhani

Mtsikanayu anaona kuti mlimi amagulitsa mbewu zake asakudziwa kuti kumisika ina zikugulidwa bwanji. Anaganiza kuti vuto ndi kusowa uthenga, choncho mankhwala ake ndi kupereka uthengawo. Anapeza anthu m'misika ingapo omamutumizira mitengo, n'kupanga pulogalamu yoiika pafoni yamakono. Munthu akaitsegula amalemba dzina ndi nambala yachinsinsi, amasankha mbewu, kenako amaona mndandanda wa misika, uliwonse ndi nambala pambali pake. Pafupi ndi nambalayo pali kamuvi kobiriwira ngati mtengo wakwera, kofiira ngati watsika.

Anaonetsa anzake a m'kalasi, aphunzitsi ake, ndi abale. Onse anati ndi yabwino kwambiri. Anaonetsanso alimi pamsonkhano wina, foni ili m'manja mwake, iye akudina ndi kufotokoza, iwo akugwedeza mitu. Ambiri anavomera kuti awaikire m'mafoni mwawo. Patapita mwezi anayang'ana m'kaundula wa pulogalamuyo, mmene mumaoneka kuti yatsegulidwa kangati, ndipo anapeza kuti pafupifupi onse anaitsegula tsiku lomwelo la msonkhano basi.

Kaundula wotereyu amanena kuti anthu asiya, koma chifukwa chimene asiyira sanena. Kuti achidziwe, mtsikanayu anafunika kukhala pambali pa mlimi n'kuona ndi maso.

Kodi kuyesa pa anthu n'chiyani?

Ndi kupatsa munthu weniweni, wa mtundu umene pulogalamuyo inapangidwira, ntchito yeniyeni yoti aichite ndi pulogalamuyo payekha, wopangayo n'kumangoonerera ndi kulemba zimene zikuchitika. Si kufufuza ngati pulogalamuyo ikuzima kapena kulakwitsa masamu. Imeneyo ndi ntchito ina imene wopanga amatha kuichita yekha ali pakompyuta. Sinso kufunsa maganizo. Funso loti mwaikonda limabala yankho laulemu, makamaka wofunsayo akakhala mwini wake amene akuoneka kuti wakhetsa thukuta. Munthu safuna kukhumudwitsa mwana wa eni ake amene wabwera ndi nkhope yachimwemwe.

Zili ngati telala. Chovala chikhoza kukhala chosokedwa mwaluso, ulusi wake wowongoka, koma chikapachikidwa pakhoma palibe angadziwe ngati chikuthina m'khwapa. Mwini wake achivale, akweze manja, ayende, akhale pansi. Telala aone pamene chikukoka.

Pali zinthu zitatu zimene woyesa amayang'ana, ndipo n'zomwezo zimene muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 9241-11 umatchula: ngati munthu wakwanitsa ntchitoyo molondola, nthawi ndi khama zimene zamutengera, ndiponso mmene wamvera mumtima poichita. Choyambacho ndiye mutu wa zonse. Munthu akalephera ntchito, kukongola kwa sikirini kulibe phindu.

Mmene anakonzera tsikulo

Anasankha alimi asanu amene sanapezeke pamsonkhano uja, chifukwa amene anaonetsedwa kale amakhala akukumbukira podina. Anapita kwa aliyense payekhapayekha kumene amakhala, osati kuwaitanira mu ofesi. Zimenezi zili ndi chifukwa chake: mu ofesi muli mthunzi, magetsi ndi intaneti yamphamvu, pomwe kumunda dzuwa limaphimba sikirini, netiweki imabwera n'kupita, ndipo foni imakhala yakale, yodzaza zithunzi, batire lili pafupi kutha. Pulogalamuyo inayesedwa pafoni ya mlimi mwini, osati ya mtsikanayo.

Kenako analemba ntchito. Apa ambiri amaphonya. Ukauza munthu kuti dinani pa mbewu, musankhe chimanga, muone mtengo, ndiye kuti wamupatsa kale mayankho. Ntchito yabwino imanena cholinga, njira n'kumusiyira. Iye analemba motere: muli ndi matumba khumi a chimanga ndipo mukufuna kugulitsa sabata ino, gwiritsani ntchito foniyi kuti musankhe kokagulitsa.

Asanayambe ankauza aliyense mawu omwewo. "Bambo, amene akuyesedwa pano si inu ayi, ndi pulogalamuyi. Mukasokonezeka ndiye kuti mwandithandiza kupeza pamene ndinalakwitsa. Ndikupempheni kuti muzilankhula chilichonse chimene mukuganiza pamene mukudina." Kulankhula maganizo mokweza kumeneku ndi njira yakale ndithu pantchitoyi, Clayton Lewis wa ku kampani ya IBM anailemba mu 1982. Ubwino wake ndi wakuti woyesa samangoona kuti chala chaima, amamvanso chimene chaimitsa chalacho. Anapemphanso chilolezo cholemba zimene akuona, n'kulonjeza kuti dzina la munthu silidzalembedwa.

Chovuta kuposa zonse ndi kutseka pakamwa. Munthu akamasakasaka batani limene lili poonekera, wopanga pulogalamu manja amamuyabwa. Akangoloza, umboni watha, chifukwa mawa kunyumba sipadzakhala womulozera. Choncho mlimi akafunsa kuti ndidine apa, yankho limakhala lakuti, inuyo mukuona ngati mukadina pachitika chiyani? Akangokhala chete nthawi yaitali, woyesa amangoti, panopa mukuganiza chiyani? N'chifukwa chake ambiri amalangiza kuti ngati n'kotheka woyendetsa zokambiranazo akhale munthu wina, mwini pulogalamu akhale kumbuyo ndi kope lake.

Zimene anaona

Awiri mwa asanuwo anakanirira pakhomo penipeni. Nambala yachinsinsi inkafuna zilembo zazikulu, zazing'ono ndi manambala, ndipo mmodzi anayesa katatu n'kuika foni pansi. Mtsikanayo atadzifunsa kuti chinsinsicho chikuteteza chiyani, anapeza kuti palibe, popeza mitengo ya pamsika si chinsinsi cha munthu. Anachiika chifukwa chakuti mapulogalamu onse amene anaphunzira kupanga ankayamba choncho. Vuto limeneli linali losavuta kulikonza. Ovuta anali m'katimo.

Mayi wina atafika pamndandanda anaona nambala 300 pambali pa msika wapafupi, n'kukhala kaye chete. "Mwananga, 300 imeneyi ndi ya chiyani? Ya ndowa kapena ya thumba?" Inali ya kilogalamu imodzi, ndipo pasikirini sipanalembedwe. Kwa mtsikanayo zinali zodziwikiratu, chifukwa matebulo onse amene anawerengapo amalemba mitengo pa kilogalamu. Mayiwo amagulitsa pa thumba ndi pa ndowa. Ngakhale atauzidwa kuti ndi kilogalamu, anafunikabe kuchulukitsa m'mutu, 300 kuchulukitsa ndi 50, asanadziwe ngati mtengowo ukuposa umene venda anawauza dzulo. Pulogalamu imene inabwera kudzapeputsa ntchito inali itawawonjezera ina.

Kamuvi kobiriwira nakonso kanasocheretsa. Bambo wina anakatenga ngati chilolezo choti gulitsani tsopano, wina anakatenga ngati chenjezo loti dikirani ukwerabe. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo kamuviko sikankanena chilichonse mwa ziwirizi. Kankangosonyeza kuti nambala ya lero ndi yaikulu kuposa imene inalembedwa komaliza, ngakhale itakwera ndi 1 yekha.

Koma phunziro lalikulu linachokera kwa bambo amene sanavutike ndi mabatani n'komwe. Anadina mwachangu, anaona kuti msika wapafupi ukusonyeza 300, wakutali 360, n'kunena kuti akagulitsa wapafupi. Mtsikanayo anali pafupi kulemba kuti walephera ntchito, popeza kwa iye yankho lolondola linali msika wa mtengo wokwera. Mwamwayi anafunsa kaye kuti afotokoze mmene aganizira.

Bamboyo anawerengera chonchi. Matumba khumi a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 500. Pamsika wapafupi ndalama yake ndi 150,000, pa wakutali ndi 180,000, kusiyana kwake 30,000. Koma galimoto imalipiritsa 2,000 pa thumba, yonse 20,000. Iye mwini kupita ndi kubwera ndi 6,000. Okweza ndi otsitsa katundu 3,000. Zonse pamodzi 29,000. Chotsala ndi 1,000, ndipo tsiku lathunthu lapita. Atamaliza anafunsa mafunso awiri amene mtsikanayo analibe yankho lake pasikirini. "Nanga 360 imeneyi ndi ya liti? Ndipo ndi imene akugulira kapena imene akugulitsira?"

Atakafufuza anapeza kuti mtengowo unali wa masiku anayi apitawo, komanso kuti womutumizira wa kumsika umenewo ankafunsa mavenda kuti mukugulitsa bwanji, pomwe wa kumsika wapafupi ankafunsa kuti mukugula bwanji. Manambala awiri amene anaikidwa moyandikana ngati ofanana sanali ofanana. Mlimi wokhulupirira sikiriniyo akanalipira galimoto, n'kukapeza kuti ogula a kumeneko akupereka mtengo wotsika kuposa 360, ndipo munthu amene wafika ndi katundu kutali alibe mphamvu zokana, chifukwa kubwerera nayenso n'kulipira. Pulogalamu ikamupweteka munthu kamodzi motere, saitsegulanso, ndipo amauza anzake.

Taonani kuti cholakwika chimenechi sichinali m'mabatani kapena m'masamu a pulogalamu. Chinali m'kaganizidwe koti mlimi akusowa nambala. Chimene mlimi amafuna kudziwa ndi ndalama imene itsale m'thumba mwake, ndiponso ngati nambala imene waonayo akaipezadi akafika.

Bwanji anthu asanu okha?

Ambiri amakayika akamva chiwerengerochi, ndipo kukayikako n'komveka. Chinachokera pa kafukufuku wa Jakob Nielsen ndi Thomas Landauer wa mu 1993. Iwo anapeza kuti pa ntchito zimene anaunika, munthu mmodzi woyesedwa ankavumbula pafupifupi mavuto 31 mwa 100 aliwonse a kagwiritsidwe ntchito. Tiyerekeze kuti pulogalamu ili ndi mavuto 100. Woyamba avumbula 31, atsala 69. Wachiwiri akumananso ndi ena omwe aja, koma mwa otsalawo avumbula pafupifupi 21, onse pamodzi 52. Wachitatu afikitsa pa 67, wachinayi pa 77, wachisanu pa 84. Aliyense wobwera pambuyo amawonjezera zochepa kuposa mnzake, ndipo woyesa amayamba kumangoona zomwe waona kale. N'chifukwa chake mu 2000 Nielsen analangiza kuti m'malo moyesa anthu 15 nthawi imodzi, ndi bwino kuyesa asanu, kukonza, kuyesa asanu ena, kukonzanso, n'kuyesa asanu omaliza.

Si onse amene amagwirizana nazo kwathunthu. Mu 2003 Laura Faulkner anayesa anthu 60, kenako n'kumatengapo magulu a asanuasanu mwachisawawa. Magulu ena anavumbula mavuto 99 mwa 100, koma ena anangofika pa 55. Ndiye kuti zimadalira kuti asanuwo ndi ati. Komanso malangizo a asanu amagwira ntchito ngati anthuwo ndi ofanana m'kagwiritsidwe kawo. Mlimi wowerenga bwino amene ali ndi foni yakeyake ndi wosiyana ndi amene amabwereka foni ya mwana wake madzulo n'kumawerengeredwa, ndipo venda ndi wosiyana ndi onse awiri. Gulu lililonse limafuna anthu akeake, atatu kapena anayi.

Chinanso n'chakuti anthu asanu amathandiza kupeza mavuto, osati kuwerengera kukula kwake. Awiri mwa asanu akalephera nambala yachinsinsi, chimene tadziwa n'chakuti vutolo lilipo ndipo si la munthu mmodzi. Kunena kuti alimi 40 mwa 100 aliwonse amalephera kungakhale kunama ndi masamu.

Kukonza, ndi kuyesanso

Mtsikanayo anabwerera ndi kope lodzaza, ndipo sanayese kukonza zonse. Anasanja mavutowo pofunsa mafunso awiri pa lililonse: lagwetsa anthu angati, ndipo likagwetsa munthu limamuwonongera chiyani? Vuto la mtengo wogulira ndi wogulitsira linaonekera kwa munthu mmodzi yekha, koma analiika pamwamba chifukwa likhoza kutayitsa mlimi ndalama. Dandaulo loti zilembo zina ndi zosakongola analisiya pansi.

Anachotsa nambala yachinsinsi. Anauza omutumizira onse kuti azifunsa funso limodzi, mtengo umene ogula akupereka kwa mlimi lero. Mzere uliwonse unayamba kunena zonse: mbewu, msika, mtengo wa thumba la makilogalamu 50, ndi tsiku limene unalembedwa. Mtengo ukapitirira masiku atatu, mzerewo unkalemba poyera kuti ndi wakale. Kamuvi kanachoka, m'malo mwake munabwera mtengo wa sabata yatha. Ndipo anawonjezera malo oti mlimi alembe chiwerengero cha matumba ndi ndalama ya galimoto, pulogalamu n'kumusonyeza zotsala.

Zatsopanozi sanathamangire kuzipanga pakompyuta. Anazijambula papepala, tsamba lililonse kuimira sikirini imodzi, mlimi akaloza batani iye n'kusintha tsamba. Njirayi imaoneka yachibwana koma imapulumutsa masabata ambiri, ndipo anthu amamasuka kudzudzula pepala kuposa chinthu chooneka ngati chatha kale. Ulendo wachiwiriwu unavumbula vuto limene kukonza kuja kunabweretsa: malo olemba ndalama ya galimoto ena ankalembamo ya thumba limodzi, ena ya ulendo wonse, zotsatira n'kumasiyana kutalitali. Kukonza kumabala mavuto akeake, n'chifukwa chake kuyesa sikuchitika kamodzi.

Posakasaka anthu oti ayesedwe anazindikiranso kuti ambiri amene ankawapeza anali ndi mafoni a mabatani. Umenewo unalinso umboni, ngakhale sunachokere pasikirini. Anayamba kuganizira za USSD, njira ija yoimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi #, imene sifuna intaneti. Koma ili ndi malire ake: tsamba limodzi silipitirira zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha kulumikizanako kumaduka n'kuyambiranso. Uthenga wamba wa SMS umatenga zilembo 160 ndipo umakhala m'foni kuti munthu akaonetse mnzake. Njira iliyonse mwa izi ndi chinthu chatsopano chofunika kuchiyesa pachokha.

Zimene kuyesaku sikungayankhe

Tinene kuti ulendo wachitatu onse asanu akwanitsa ntchito popanda kuthandizidwa. Zimenezi zikutanthauza kuti pulogalamuyo ndi yotheka kuigwiritsa ntchito. Sizikutanthauza kuti alimi ayamba kupeza ndalama zambiri. Limenelo ndi funso lina, ndipo ofufuza apeza mayankho osiyana.

Robert Jensen, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2007, anaunika asodzi a m'chigawo cha Kerala ku India pa nthawi imene mafoni a m'manja ankafika kumeneko, kuyambira 1997 mpaka 2001. Asodzi anayamba kuimba ali panyanja n'kusankha doko la mtengo wabwino. Kusiyana kwa mitengo pakati pa misika kunachepa kwambiri, kutaya nsomba zosagulidwa kunatha, ndipo phindu la asodzi linakwera. Koma mu 2012 Marcel Fafchamps ndi Bart Minten anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'chigawo cha Maharashtra, m'dziko lomwelo, pa alimi amene ankalandira mitengo pa SMS, ndipo sanapeze kusintha kodalirika pa mtengo umene alimiwo ankagulitsira.

Zotsatira ziwirizi sizikutsutsana kwenikweni. Msodzi ali m'boti ali kale paulendo, ndipo kukhotera ku doko lina sikumudyera zambiri. Mlimi amene ali ndi msika umodzi wofikirika, kapena amene anatenga ngongole kwa wogula, kapena amene akufuna ndalama lero, akhoza kudziwa mitengo yonse koma osatha kuchita nayo kanthu. Ena amanena kuti ngakhale zili choncho, kudziwa mtengo kumamupatsa mlimi poyambira ponenerera ndi venda. Ena amati popanda mayendedwe, mosungira ndi ogula opikisana, uthenga pawokha susintha zambiri.

Kuti adziwe mbali imene pulogalamu yake ili, mtsikana wa m'nkhani yathu akufunika kafukufuku wa mtundu wina: alimi ambiri, osati asanu, ogawidwa mwamaere m'magulu awiri, lina lolandira mitengo lina losalandira, n'kulemba kwa nyengo yonse yokolola kumene aliyense anagulitsa, tsiku lake, ndi ndalama imene analandira atachotsa zoyendera.